Lipoti la nkhani ya wophunzira wa Sitandade 6 amene ankalemba buyed, teached ndi catched

Wophunzirayo ndi chimene chinaoneka

Lipoti ili likunena za mtsikana wa zaka 12 wa Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulaimale ya kumudzi m'chigawo chapakati, kumene ndimaphunzitsa Chingerezi. Dzina lake ndi la sukuluyo sinditchula. Kwawo amayankhula Chichewa chokha, ndipo Chingerezi amachimva m'kalasi ndi pa wailesi mwa apo ndi apo. Ndi mwana wakhama, sajomba, amamva bwino ngakhale atakhala kumbuyo, ndipo amawerenga ndime ya m'buku la kalasi yake mosadodoma. Ndatchula zimenezi kuti zidziwike poyamba kuti vuto lake silinali la ulesi, la makutu kapena la kusatha kuwerenga.

M'teremu yoyamba ndinapatsa kalasi ntchito yolemba ziganizo zifupizifupi zonena zimene zinachitika dzulo lake. M'kope mwa mtsikanayu munali ziganizo izi: *My mother buyed salt. Madam teached us a song. My brother catched a mouse.* Ziganizo zonse zitatu zinali zomangidwa bwino, mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani zili m'malo mwake, timawu ta *a* ndi *us* tili pamalo pake, zilembo zazikulu ndi mpumiro zili bwino. Cholakwika chinali chimodzi chokha, chobwerezedwa katatu: mneni wosatsata lamulo anamupatsa *-ed* ngati kuti ndi *wash* kapena *cook*, m'malo molemba *bought*, *taught* ndi *caught*.

Mayi ake atabwera kusukulu anabwera ndi kope la Sitandade 5, nandionetsa tsamba limene mwanayo analemba molondola kuti *My father bought me a pen*. Anandifunsa modandaula kuti, "Aphunzitsi, chaka chatha mwanayu ankalemba zokhoza, nanga chaka chino wabwereranji m'mbuyo?" Funso limeneli ndilo linachititsa kuti ndiifufuze nkhaniyi mosamala, chifukwa yankho lake ndilo limalamula kathandizidwe ka mwana wotere.

Kufufuza

Cholembera chofiira chimangoonetsa kuti mneni walakwika, koma sichinena chifukwa chake. Mwana wolemba *buyed* angakhale kuti *bought* sanamumvepo n'komwe, angakhale kuti amamudziwa koma sakudziwa kuti ndi m'bale wake wa *buy*, kapenanso angakhale kuti zonsezi amazidziwa koma liwulo silimufikira msanga pa nthawi yolemba. Ana atatu otere amalemba zofanana m'kope, koma safunika chithandizo chofanana. Pofuna kulekanitsa zimenezi ndinamuyesa m'njira zinayi, pa masiku osiyana, nthawi yopuma, popanda kumuuza zimene wakhoza kapena kulakwa mpaka zonse zitatha.

Poyamba ndinamupatsa ziganizo 20 zokhala ndi mpata, mneni woti asinthe nditamulemba pambali. Aneniwo ndinawasankha m'magulu anayi. Pa aneni 5 otsata lamulo, *wash, cook, play, walk* ndi *clean*, anakhoza onse. Pa aneni 5 osatsata lamulo amene amamveka tsiku ndi tsiku, *go, come, see, eat* ndi *give*, anakhoza 4, nalemba *gived* pa womalizayo. Pa aneni 6 a gulu la *bought*, amene ndi *buy, bring, think, fight, teach* ndi *catch*, anakhoza *thought* yekha, ena onsewo anawapatsa *-ed*. Pa aneni 4 osasintha, *cut, hit, put* ndi *shut*, analemba *cutted* ndi *hitted*, koma *put* ndi *shut* anawasiya mmene alili.

Zinthu ziwiri pa zotsatirazi n'zofunika kuziona bwino. Choyamba n'chakuti *cutted* ndi *hitted* anawalemba ndi *t* awiri, kusonyeza kuti lamulo la kalembedwe la *stop* ndi *stopped* analigwira bwino lomwe, mpaka kuligwiritsa ntchito pa mawu amene sanawaonepo m'buku lililonse. Chachiwiri n'chakuti kukhoza kwa *put* ndi *shut* sikutsimikizira kanthu, chifukwa mwana amene wangokopera mneni osamusintha amakhozanso pamenepo. Mphunzitsi amene akuwerengera malikisi okha angaganize kuti mwanayo akudziwa theka la gulu limeneli, pamene mwina sakulidziwa konse.

Kachiwiri ndinamuyesa ndi mneni wopeka. Njira imeneyi inadziwika ndi kafukufuku wa Jean Berko wa mu 1958, amene ankaonetsa ana a ku America zithunzi ndi kuwapatsa mawu opeka kuti aone ngati ali ndi lamulo m'mutu kapena amangoloweza mawu. Ndinagwedeza buku pamutu panga n'kunena kuti, *I lomp every day. Yesterday I…* Iye anamaliza mosazengereza kuti *lomped*. Liwu limeneli sakanaliloweza kwina kulikonse popeza kulibe, choncho zinatsimikizika kuti lamulo la *-ed* lili mwa iye ndipo limagwira ntchito lokha.

Kachitatu ndinayesa kuzindikira. Ndinkanena ziganizo ziwiri mokweza, monga *He buyed a goat* ndi *He bought a goat*, iye n'kusankha chimene chikumveka cholondola. Anasankha *bought*, *caught* ndi *brought* molondola, anazengereza pa *fought* asanasankhe *fighted*, ndipo pa *taught* anasankha *teached* ali wotsimikiza ndithu. Apa zinaoneka kuti aneni asanu amene analakwitsa polemba sanali pa msinkhu umodzi. Atatu anali m'mutu mwake kale koma sankabwera powaitana, mmodzi anali wachilendo kwa iye, ndipo mmodzi anali ndi vuto lake lapadera limene ndifotokoze m'munsimu.

Kachinayi ndinamuwerengera nthano yaifupi ya mnyamata wopita kumsika, n'kumupempha kuti aifotokoze yekha pakamwa. Pofotokoza ananena *went*, *saw* ndi *came* mosaganizira, ndipo ananenanso *bought* molondola, mneni yemwe uja amene anamulakwitsa pa ziganizo za mpata. Kusiyana kwake kunali kwakuti m'nthanomo anali atangomumva *bought*, pamene pa pepala anali kuona *buy* atalembedwa pambali pa mpata.

Tanthauzo la zimene zinapezeka

Yankho la funso la mayi aja ndi lakuti mwanayo sanabwerere m'mbuyo. Mu Sitandade 5 analoweza chiganizo chonse cha *My father bought me a pen* ngati chinthu chimodzi, osadziwa kuti *bought* ndi nthawi yakale ya *buy*. Ataphunzira lamulo la *-ed* ndi kulizolowera, anayamba kudzipangira yekha nthawi yakale ya mneni aliyense, ndipo lamulolo linaphimba zimene analoweza kale. Akatswiri a kaphunziridwe ka ziyankhulo amadziwa bwino kayendedwe kameneka: mwana amayamba ndi kukhoza, kenaka amalakwitsa, pambuyo pake n'kudzakhozanso, tsopano akudziwa chimene akuchita. Ana obadwira m'Chingerezi nawonso amanena *goed* ndi *bringed* ali aang'ono.

Mu 1992 Gary Marcus, Steven Pinker ndi anzawo anasindikiza kafukufuku wa zoyankhula za ana oterewa. Anapeza kuti kulakwitsa kumeneku sikuchitika kawirikawiri monga anthu amaganizira, popeza mwana wapakatikati ankalakwitsa pafupifupi 2.5 peresenti ya aneni osatsata lamulo a nthawi yakale. Anafotokoza kuti mwana akakumbukira liwu losatsata lamulo, liwulo limatsekereza lamulo la *-ed*, koma likachedwa kubwera m'maganizo lamulolo limalowapo. Anaonanso kuti aneni amene makolo amawatchula kawirikawiri ndi amene ana amawalakwitsa pang'ono. Kufotokoza kumeneku kunagwirizana ndi zimene ndinaona, chifukwa *went* ndi *saw* amamveka m'kalasi mwathu tsiku lililonse pamene *fought* ndi *caught* amatha sabata zingapo osamveka. Komabe chiwerengero cha 2.5 peresenti sichiyenera kuyezera ana athu. Chinachokera kwa ana omva Chingerezi kuyambira m'mawa mpaka usiku, pamene mtsikana uyu amachimva maola ochepa, kuchokera kwa anthu ochepa, ndipo gawo lalikulu la chimene amamvacho ndi malamulo a m'kalasi monga *sit down* ndi *open your books*, amene alibe nthawi yakale.

Chichewa nachonso chili ndi mbali yake, ngakhale sindikuchiyesa gwero la vutoli. Ife timati ndinagula, ndinaphunzitsa, ndinagwira, ndipo *-na-* yemweyo amagwira ntchito pa aneni onsewa, tsinde la mneni osasintha. Mwana woleredwa m'chiyankhulo chotere akauzidwa kuti *-ed* ndiye chizindikiro cha nthawi yakale, amayembekezera mwanzeru kuti chizindikirocho chigwira ntchito paliponse monga amachitira *-na-*. Palibe chimene chinamukonzekeretsa kuti *teach* angasanduke *taught*, liwu loyamba lokha n'kutsala. Katchulidwe kake kanapereka umboni wina. Sankanena *catched* ndi *t* kumapeto monga angatchulire mwana wa ku England, koma ankati "kachedi", kuwerenga lembo lililonse. Izi zinandisonyeza kuti lamulo la *-ed* analiphunzira ndi maso pabolodi, osati ndi makutu, ndipo kuti nthawi yakale ya Chingerezi kwa iye inali ntchito yolumikiza zilembo ziwiri kumapeto kwa liwu.

N'chifukwa chake ziganizo zifupizifupi za mpata ndizo zinkatulutsa zolakwika zambiri. Funso likaika *buy* pamaso pa mwana n'kumuuza kuti amusinthe, limamuyambitsira pa tsinde, ndipo kuchoka pa tsinde njira yapafupi ndi ya *-ed*. M'chiganizo cha mawu anayi mulibe nkhani yokumbutsa mwana kumene anamva *bought*. Ntchito yotere ndi yabwino poyesa, koma ikakhala njira yokhayo yophunzitsira imazoloweretsa mwana kupanga *buyed* mobwerezabwereza, ndipo liwu lolakwikalo likalembedwa ndi kuwerengedwa kambirimbiri limayamba kuoneka lozolowereka.

Nkhani ya *taught* inali yosiyana. M'Chichewa zilembo *th* zimaimira *t* wotuluka ndi mpweya, monga m'mawu akuti thumba ndi thobwa. *T* woyamba wa *taught* m'Chingerezi amatulukanso ndi mpweya, choncho khutu la Mchewa limamumva ngati *th* wathu. Komanso ambiri mwa ana athu amatchula *thought* ngati "thoti", popeza liwu loyamba la *think* mulibe m'Chichewa. Chotsatira chake n'chakuti *taught* ndi *thought* anali liwu limodzi m'makutu mwa mtsikanayu, ndipo liwulo anali atalipereka kale kwa *think*. Pomva *Madam taught us* ankaona ngati chiganizocho chikunena za kuganiza, n'chifukwa chake anachikana ali wotsimikiza. Kuonjezera apo, liwu la *teacher* amalimva tsiku lonse, ndipo limalimbitsa tsinde la *teach* koposa tsinde la mneni wina aliyense m'gululi.

Za gulu la aneni amenewa

Aneni osatsata lamulo m'Chingerezi alipo pafupifupi 200, ndipo aneni ogwiritsidwa ntchito koposa onse, monga *be, have, do, say, make, go, take, come, see* ndi *get*, ali m'gulu limeneli. Sali balalabalala monga amaonekera pa tebulo la kumapeto kwa buku lolembedwa motsata alifabeti, koma ali m'mabanja. Banja la *bought, brought, thought, fought, sought, taught* ndi *caught* limamveka mofanana kumapeto ngakhale matsinde ake ndi osiyana kwambiri. Zilembo *gh* zinkaimira liwu lapakhosi limene Angerezi ankalitchula kale, ndipo linasiya kumveka zaka mazana angapo zapitazo kalembedwe n'kutsala. Mneni *catch* anachokera ku Chifalansa cha kumpoto, ndipo *catched* ankalembedwa ndi anthu ophunzira m'zaka za m'ma 1700, komanso akumvekabe m'kayankhulidwe ka madera ena a ku England. Mbiri imeneyi sindinaiphunzitse kalasi, koma imathandiza mphunzitsi kuona kuti mwana wolemba *catched* sakuchita zopanda nzeru. Ngakhale zili choncho, Chingerezi cha m'mabuku ndi cha mayeso a MANEB a Sitandade 8 chimafuna *caught*, ndipo udindo wathu ndi kumufikitsa mwanayo pamenepo.

Pa kalembedwe pali chothandiza chimodzi chimene sichiphonya m'banja limeneli. Mneni amene tsinde lake lili ndi lembo *a*, ndiye kuti *teach* ndi *catch*, amatenga *-aught*, ndipo ena onse amatenga *-ought*.

Chithandizo

Popeza kalasi yanga ili ndi ana opitirira 70 ndipo ambiri ankalakwitsa mofananamo, chithandizo ndinachikonzera kalasi yonse, koma ndinkatsata kope ndi mayankho a mtsikanayu mwapadera. Cholinga sichinali kufotokozanso lamulo, chifukwa lamulo analidziwa kale. Cholinga chinali chakuti liwu lolondola lizimufikira msanga kuposa *-ed*, monga njira ya kudimba imene imakhala yoyera chifukwa chopondedwa tsiku ndi tsiku. Tinkagwiritsa ntchito mphindi 10 zoyamba za phunziro lililonse la Chingerezi, ndipo tinkatenga aneni awiri okha pa sabata: *buy* ndi *catch* sabata yoyamba, *bring* ndi *fight* yachiwiri, *think* ndi *teach* yachitatu. Ndinasiyanitsa dala *bought* ndi *brought* kuti asaphunziridwe sabata imodzi, chifukwa kusiyana kwawo ndi *r* yekha, amene ana athu amavutika kumumva akatsatana ndi *b*. Koma *thought* ndi *taught* ndinawaika pamodzi dala, chifukwa anali atasokonezeka kale ndipo ankafunika kulekanitsidwa ali pafupi.

Tsiku loyamba la sabata linali lomvetsera. Ndinkafotokoza kankhani kakafupi momwe mneni wa nthawi yakale ankamveka kasanu kapena kasanu n'kamodzi, monga *On Saturday I went to the market. I bought tomatoes. I bought salt. I bought a bar of soap*, ndipo ana ankakweza dzanja akamva liwulo. Tsinde la *buy* sindinkalitchula mpaka kumapeto, pamene ndinkalemba pabolodi kuti *Every day I buy. Yesterday I bought.* Dongosolo limeneli ndi lotembenuza la masiku onse, chifukwa limayambira pa liwu la nthawi yakale n'kubwerera ku tsinde, ndipo *-ed* sapeza mpata wolowerera.

Masiku apakati anali oyankhula. Patebulo ndinkaika botolo, sopo, choko ndi anyezi ngati pa wokala, mwana mmodzi n'kugula chinthu, anzake n'kumufunsa kuti *What did you buy?* iye n'kuyankha kuti *I bought soap*. Pa *catch* tinkaponyerana mpira wachikulunga, wowakha n'kunena kuti *I caught it*, woponya n'kunena kuti *She caught it*, ndipo ukagwa pansi kalasi inkanena kuti *She did not catch it*. Chiganizo chilichonse chinali chachifupi ngati zija za m'kope, koma chinkanena chinthu chimene changochitika ana akuona, ndipo mwana aliyense ankatchula liwulo kangapo pa mphindi zochepazo pogwira ntchito awiriawiri.

Kakonzedwe ka zolakwika ndinakasamalira kwambiri. Mwana akanena kuti *I catched it*, njira yachizolowezi ndi yakuti mphunzitsi abwereze chiganizocho molondola n'kupitiriza. Kafukufuku wa Roy Lyster ndi Leila Ranta wa mu 1997, wochitika m'makalasi ophunzira m'Chifalansa ku Canada, anapeza kuti njira imeneyi ndi imene aphunzitsi ankaigwiritsa ntchito koposa, koma ndi imenenso kawirikawiri sinkachititsa ana kudzikonza okha. Kwa mtsikanayu ndinasankha njira molingana ndi zotsatira za kuyesa kuzindikira kuja. Pa *bought*, *caught* ndi *brought*, amene anali nawo kale m'mutu, sindinkamupatsa yankho. Ndinkangobwereza chiyambi cha chiganizo, *Yesterday I…*, n'kuima, ndipo pakatha kanthawi kochepa ankalipeza yekha liwulo. Kudikira kumeneko n'kovuta m'kalasi yaikulu, anzake akukweza manja ndi kulizitsa zala, koma ndi pa nthawi yofunafuna imeneyo pamene kukumbukira kumalimba. Pa *fought*, amene sankamudziwa, kudikira kukanangomuchititsa manyazi, choncho ndinkamuuza liwulo mwachindunji n'kumupempha kuti aligwiritse ntchito m'chiganizo china.

Pa *taught* ndi *thought* tinayambira pa kamwa. Ndinawaonetsa ana kuti potchula *thought* nsonga ya lilime imatuluka pang'ono pakati pa mano, pamene potchula *taught* lilime limakhala mkati, kuseri kwa mano a m'mwamba. Awiriawiri ankayang'anana pakamwa, wina n'kutchula, mnzake n'kuloza mutu ngati wamva za kuganiza kapena bolodi ngati wamva za kuphunzitsa. Mtsikanayu anayamba kusiyanitsa mawuwa poona kamwa asanayambe kuwasiyanitsa ndi khutu lokha.

Kulemba kunkabwera tsiku lomaliza la sabata. Ndinkachita lembetso la ziganizo zinayi, kenaka ana ankalemba ziganizo zawo zitatu za zimene zinachitikadi kwawo. Mawu olakwika sindinkawalemba pabolodi ngakhale pofuna kuwatsutsa, ndipo pochonga ndinkangodula mzere pansi pa mneni kuti mwana akonze yekha. Sindinalole kulemba *bought* maulendo makumi awiri motsatizana, chifukwa pa ulendo wachitatu mwana amakhala akungokopera mzere wa pamwamba, osakumbukira kanthu. Aneni a sabata zapitazo ankabwereranso m'mafunso a sabata zotsatira, poyamba patapita masiku awiri, kenaka sabata, kenaka sabata ziwiri.

Zolakwika zatsopano zimene zinabuka

Pofika sabata yachiwiri mtsikanayu analemba kuti *I did not bought sugar* ndi *Did you caught it?* Cholakwika chimenechi chimabwera pafupifupi nthawi zonse mawu atsopanowa akayamba kulimba, chifukwa mwana amafuna kuwaika paliponse pamene pali nthawi yakale. Apa kufotokoza kunathandiza, ndipo Chichewa chinagwira ntchito. Ndinamufunsa ngati timanena kuti "ndinanagula", iye anaseka n'kukana. Ndinamuuza kuti *did* wanyamula kale nthawi yakale monga amachitira *-na-*, choncho mneni wotsatira amabwerera pa tsinde lake. Kuyambira pamenepo masewero aliwonse ankakhala ndi ziganizo zitatu zoyendera limodzi: funso, kuvomera ndi kukana.

Kamodzi analemba *boughted*, kusonyeza kuti liwu lolondola linamufikira koma lamulo linalowererabe pamwamba pake. Zimenezi zinatha zokha osazichitira kanthu. Mnyamata wina m'kalasimo analemba *raught* ngati nthawi yakale ya *reach*, potengera *teach* ndi *taught*. Chodabwitsa n'chakuti *raught* analipodi m'Chingerezi chakale, koma lero ndi cholakwika, ndipo chinandikumbutsa kuti kuphunzitsa aneni m'mabanja kuli ndi malire ake. Ana ayenera kuuzidwa momveka kuti banja limeneli ndi lotsekeka, lili ndi aneni owerengeka amene tawatchula, ndipo *reach*, *watch* ndi *match* amatsata lamulo la *-ed*. Pofuna kutsimikiza zimenezi ndinayamba kusakaniza aneni otsata lamulo m'masewero a pakamwa.

Zotsatira

Kumapeto kwa teremu ndinabwereza kuyesa kuja ndi ziganizo zina koma aneni omwewo. Pa aneni 6 a banja la *bought* anakhoza 5 pa ziganizo za mpata, ndipo wotsalayo anali *tought* m'malo mwa *taught*, chimene ndi cholakwika cha kalembedwe osati cha lamulo. Pa kuzindikira anakhoza onse. Koma *gived*, *cutted* ndi *hitted*, amene sitinawagwirepo ntchito, anatsala mmene analili. Zimenezi zikusonyeza kuti chithandizochi sichifalikira chokha kwa aneni ena. Mneni aliyense wosatsata lamulo amafuna nthawi yake yomumva ndi kumutchula, ndipo mphunzitsi ayenera kusankha aneni oyamba nawo poona amene akupezeka kwambiri m'mabuku ndi m'zolemba za ana ake.

M'chimangirizo cha mayeso a teremu, chimene analemba mothamangira nthawi, munali *bought* ndi *brought* olondola, koma *teached* anabwereranso kamodzi. Pamene maganizo a mwana ali pa nkhani imene akusimba, mphamvu yofunafuna liwu imachepa, ndipo mneni amene sanalimbe kwenikweni amagonja ku lamulo. Chifukwa cha ichi sindiyesa mneni kuti wadziwika pongoona ziganizo za mpata. Ndimayembekezera kumuona ali wolondola m'chimangirizo, pamene mwana sanauzidwe kuti akuyesedwa za aneni. Atabwerako ku tchuthi *caught* nayenso anali atafooka pakamwa, ngakhale anabwerera msanga titangoseweranso mpira uja masiku ochepa.

Lipotili ndi la mwana mmodzi, ndipo panalibe kalasi ina yoyerekezera nayo, choncho gawo lina la kusinthaku lingakhale lochokera ku kukula ndi kuwerenga kwake. Chimene chikundipatsa chikhulupiriro kuti chithandizocho chinagwira ntchito ndi kusiyana kwa aneni amene tinawaphunzira ndi amene sitinawaphunzire, popeza onsewo anadutsa m'teremu imodzi, mwa mwana mmodzi.

Mayi ake ndinawafotokozera zonsezi m'Chichewa, ndipo popeza iwo sayankhula Chingerezi tinagwirizana kuti madzulo azimupempha mwanayo kuti awawerengere mokweza nthano imodzi ya m'buku lake la Chingerezi, kenaka awamasulire. Nthano zambiri zimalembedwa m'nthawi yakale, choncho kuwerenga kotere kumamupatsa mpata womva aneniwa ndi makutu ake ngakhale panyumba palibe womuyankhula Chingerezi. M'teremu yachiwiri tikupitiriza ndi banja la *cut, hit, put* ndi *shut*, kenaka *give* ndi *forgive*, ndipo *taught* ndamusunga pa mndandanda wa aneni obwerezedwa sabata iliyonse mpaka ataoneka wolondola m'zimangirizo ziwiri zotsatizana.